Phunziro latha, koma ana adziwa? Mmene timayezera chikonzekero cha phunziro m'mphindi 35

Teremu ikamatha, m'sukulu zambiri za ku Chikwawa ndi ku Nsanje mumamveka funso limodzimodzi pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Makolo amati mwana sanajombe, makope ake ndi odzaza, nanga walephera bwanji masamu? Aphunzitsi nawo amatulutsa mabuku awo, ndipo zimaoneka kuti mitu yonse anaphunzitsadi, ahedi anasayina, palibe tsamba lodumphidwa. Onse akunena zoona. Chisokonezo chagona pakuti kumaliza zomwe zinalembedwa m'chikonzekero ndi chinthu china, ndipo ana kudziwa zomwe chikonzekerocho chinalonjeza ndi chinthu chinanso. Pakati pa ziwirizi pali nthawi, imene papepala imaoneka yokwanira koma m'kalasi imatha mofulumira.

Chikonzekero cha phunziro n'chiyani?

Silabasi ya sukulu za pulayimale imakonzedwa ku Domasi, ku Malawi Institute of Education. Mphunzitsi amatenga silabasiyo ndi buku la mphunzitsi n'kugawa mitu ya teremu yonse sabata ndi sabata. Kagawidwe kameneka ndi kamene aphunzitsi amati sikimu. Kuchokera m'sikimu amatapa ntchito ya tsiku limodzi n'kuilemba mwatsatanetsatane, ndipo pepala limenelo ndilo chikonzekero cha phunziro, kapena lesoni pulani monga amanenera mu ofesi ya ahedi.

Pamwamba pa chikonzekerocho pamalembedwa zizindikiro za kakhonzedwe. Awa ndi mawu onena zomwe wophunzira ayenera kutha kuchita phunziro likamatha, ndipo kalembedwe kameneka kanakhazikika ndi silabasi ya pulayimale yomwe inayamba kulowa m'sukulu mu 2007. Pansi pake pamabwera zipangizo, chiyambi, masitepe a phunziro, mathero, kenako malo opanda kanthu oti mphunzitsi alembemo mmene phunziro layendera. Zonsezi ziyenera kulowa m'piriyodi imodzi, imene kawirikawiri imakhala mphindi 30 mu Sitandade 1 ndi 2, ndi mphindi 35 m'makalasi otsatira.

Choncho woyeza chikonzekero, kaya ndi mwiniwake, ahedi, kapena mlangizi wa zoni amene timati a PEA, amakhala ndi mafunso awiri. Loyamba amafunsa phunziro lisanayambe: kodi ntchito yalembedwayi ingakwane m'mphindi zomwe zilipodi? Lachiwiri amafunsa litatha: kodi ndi ana angati achita chomwe chinalonjezedwa, ndipo tadziwa bwanji?

Chizindikiro chimene chingathe kuyezedwa

Musanawerenge mphindi, yang'anani mneni amene ali m'chizindikiro cha kakhonzedwe. Chikanena kuti ophunzira amvetsa kuchotsera, palibe amene angayeze, chifukwa kumvetsa kumachitika m'mutu ndipo sikuoneka. Chikanena kuti ophunzira achotsera nambala ya manambala atatu kuchokera ku inzake, mobwereka kamodzi, pamenepo pali chogwirika. Mwana angapatsidwe samu, aipeze kapena aiphonye.

Chachiwiri ndi kuona ngati ntchito ya ana ikugwirizana ndi mneniyo. Apa ndi pamene zikonzekero zambiri zooneka bwino zimagwera. Chizindikiro chimati ana achotsera, koma mukatsata masitepe mupeza kuti amene akuchotsera ndi mphunzitsi pabolodi, ana akungoonerera ndi kukopera. Njira yophweka ndi kutenga pensulo n'kulemba mzere pansi pa sitepe iliyonse imene mwana aliyense payekha akuchita chomwe chizindikiro chanena. Mukapeza kuti mzerewo ndi wa mphindi zitatu zokha pa 35, mwadziwa kale zotsatira belu lisanalire.

Tiyerekeze kalasi imodzi

Tiyerekeze kalasi ya Sitandade 3 pasukulu ina cha ku Ngabu, mwezi wa Novembala, ana 90, piriyodi yotsatira buleki. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma aliyense wa kuno amadziwa kuti makalasi ang'onoang'ono amadutsa pamenepo. Aphunzitsi athuwa ndi achitsikana, angotuluka kumene kukoleji, ndipo alemba chikonzekero chaukhondo. Zizindikiro zilipo zitatu: ana asonyeza kubwereka pogwiritsa ntchito mitolo ya timitengo, achotsera manambala mobwereka, ndiponso apeza mayankho a samu za m'nkhani. Nthawi aigawa motere: chiyambi mphindi 5, kusonyeza pabolodi 10, ntchito ya m'magulu ndi kupereka malipoti 10, ntchito ya aliyense payekha 7, mathero 3. Mukaphatikiza zikukwana 35 ndendende, ndipo n'chifukwa chake chikonzekero chotere chimasayinidwa mosavuta.

Koma mphindi 35 za patebulo la nthawi si mphindi 35 zophunzira. Ana akuchokera kumjigo, ena akulowa akupukuta kukamwa, ena akukanganirana malo apafupi ndi khomo kumene kukubwera kamphepo, popeza malata atentha kale. Kuti onse akhale pansi, mphindi 4 zapita. Kugawa ana 90 m'magulu 9 m'chipinda chimene alibe poponda, n'kupereka timitengo ku gulu lililonse, ndi mphindi zina 3 kapena 4. Kutulutsa makope, kubwerekana mapensulo, kulemba deti ndi mutu, mphindi 3. Palibe mwa izi chimene chinalembedwa m'chikonzekero, komabe zadya mphindi 10 kapena kuposa. Zatsala 25 zoti zinyamule ntchito ya 35.

Ndiye pali masamu ena awiri amene woyeza chikonzekero ayenera kuchita nthawi zonse, chifukwa ndi amene amavumbula msanga. Oyamba ndi a malipoti. Magulu 9, lililonse likalankhula mphindi 2, ndi mphindi 18, pamene sitepe yonse ya magulu inapatsidwa 10. Achiwiri ndi a kuchonga. Ngati mphunzitsi ayang'ana kope lililonse kwa masekondi 10 okha, makope 90 amutengera masekondi 900, amene ndi mphindi 15, pamene ntchito ya payekha inapatsidwa 7, kulemba komwe. Chilichonse chimene chikuchitika mmodzimmodzi kapena gulu ndi gulu muchichulukitse ndi chiwerengero cha ana kapena cha magulu. Aphunzitsi ambiri atsopano amayeza nthawi ndi liwiro lawo lolankhulira, osati ndi kuchuluka kwa manja ogwira ntchito.

Piriyodi ili ngati bwato lowolokera Shire. Lili ndi malire ake, ndipo mukadzazamo matumba opitirira, wopalasa amatsitsa amene abwera pomalizira. M'kalasi zobwera pomalizira ndi ntchito ya mwana payekha ndi mathero, zomwe ndi zokhazo zikanationetsa ngati ana adziwa. Chotero belu likalira, aphunzitsi aja amakhala ali pagulu lachisanu, amanena kuti samu zotsala mukalembere kunyumba, ndipo phunziro limatha lisanayezedwe.

Kudula popanda kuwononga

Ahedi odziwa ntchito sangobweza pepala. Amakhala pansi ndi aphunzitsi aja n'kufunsa kuti, "Madamu, pa zitatuzi, n'chiti chimene mwana sangapite nacho patsogolo akapanda kuchidziwa lero?" Yankho ndi lachiwiri, kuchotsera mobwereka. Timitengo ndi njira yofikira pamenepo, choncho tisakhale chizindikiro chapachokha. Samu za m'nkhani zidikire tsiku lina, makamaka kuno kumene ana ambiri kunyumba amalankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndipo kuwerenga nkhani ya m'buku kumawatengera nthawi yakeyake asanafike n'komwe pamanambala.

Chikonzekero chatsopano chimavomereza poyera kuti mphindi 4 zoyamba ndi zokhazikitsa ana. Zitatu zotsatira ndi zofufuza ngati maziko alipo, pofunsa timafunso ngati 12 kuchotsa 8, ndi kuti mumtolo umodzi muli timitengo tingati. Kenako mphindi 8 mphunzitsi akusonyeza samu ziwiri zokha, akumasula mtolo wa khumi ana onse akuona, n'kulemba chomwecho pabolodi. Magulu achoke, ana agwire awiriawiri pomwe akhalapo kwa mphindi 10, chifukwa kutembenukira kwa mnzako wapambali sikudya nthawi. Mphindi 5 zikhale za samu yoyezera, aliyense payekha, 3 zokonza zolakwa zomwe zaoneka, ndipo 2 zisiyidwe dala. Zonse ndi 35, koma tsopano 15 mwa izo mwana ali ndi pensulo m'manja akuchotsera.

Ine ndimaona kuti mphindi ziwiri zosiyidwa dalazo ndi chizindikiro cha mphunzitsi wokhwima. Chikonzekero chodzaza mpaka pakamwa chimasweka ndi kanthu kakang'ono, ngakhale mwana mmodzi wotuluka magazi m'mphuno chifukwa cha kutentha.

Tadziwa bwanji kuti adziwa?

"Mwamva?" "Eee!" Kuyankha kwa pamodzi kotere kuli ndi ntchito yake, kumadzutsa kalasi, koma si umboni. Ana khumi akutsogolo akhoza kuyankha mokweza moti 80 ena n'kubisala m'mawu awo. Kukweza mkono nakonso kumasankha okhawo odzidalira. Umboni weniweni ndi yankho lolembedwa ndi mwana aliyense, pasamu imene sanaionepo pabolodi.

Samu yoyezerayo isankhidwe mosamala, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa pang'ono. Tengani 352 kuchotsa 128. Yankho lolondola ndi 224. Mwana amene walemba 236 sanabwereke n'komwe. Waona 2 pamwamba ndi 8 pansi, n'kungochotsa yaing'ono kuyaikulu, kupeza 6. Mwana amene walemba 234 wabwereka bwinobwino, 12 kuchotsa 8 wapeza 4, koma waiwala kuti pamateni patsala 4 osati 5. Ana awiriwa alakwa onse, koma matenda awo ndi osiyana. Woyambayo sanagwire mfundo ya phunziro ndipo ayenera kubwerera kumitolo. Wachiwiriyo ali pafupi, akungofunika kuzolowera kukhwatcha nambala imene wabwerekako n'kulemba yatsopano pamwamba.

Tsopano onani chimene chikanachitika aphunzitsi akanasankha 342 kuchotsa 127. Yankho ndi 215. Wochotsa yaing'ono kuyaikulu apeza 225, ndipo woiwala kuchepetsa mateni apezanso 225, chifukwa 7 kuchotsa 2 ndi 5, ndipo 12 kuchotsa 7 ndi 5 yemweyo. Samu imeneyo ikanatiuza kuti ana alakwa koma osatiuza chifukwa chake. Samu ngati 402 kuchotsa 128 nayo siyoyenera lero, popeza kubwereka modutsa ziro ndi luso lina limene silinaphunzitsidwe. Mwana akaiphonya sitinganene kuti phunziro la lero lalephera. Choncho poyeza chikonzekero, yezaninso funso lake loyezera: lifunse chokhacho chimene chinaphunzitsidwa, ndipo mayankho ake olakwa akhale olankhula.

Nanga makope 90 aja? Pali njira ziwiri zimene zimakwana m'mphindi zisanu. Ina ndi yakuti aliyense alembe yankho lake m'zilembo zikuluzikulu kuseri kwa kope kapena pasileti, ndipo mphunzitsi akawerenga mpaka katatu onse akweze nthawi imodzi. Maso amatha kuyenda mzere ndi mzere n'kuona ngati 224 ndi amene wachuluka. Kumene kalasi ili pansi pa mtengo, ana amalemba pansi ndi chala, mphunzitsi n'kudutsa pakati pawo. Njira inayo ndi kutola makope ochepa, koma osati a odzipereka. Tengani kope la mwana wachisanu aliyense, kuyambira kutsogolo mpaka kukhoma la kumbuyo, anyamata ndi atsikana omwe. Pa ana 90 mupeza makope 18, ndipo amenewo amachongeka m'mphindi zitatu.

Tinene kuti pa 18 amenewo, 10 alemba 224, asanu alemba 236, awiri alemba 234, ndipo mmodzi sanalembe kanthu. Mukachulukitsa kasanu, zikuonetsa kuti ana pafupifupi 50 akhoza, ndipo pafupifupi 25 sanagwire n'komwe za kubwereka. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza. Makope 18 si kalasi yonse, ana okhala mothithikana amaonerana, ndipo amene ajomba lero sakuwerengedwa. Komanso kukhoza samu imodzi mphindi zochepa chichokereni pachitsanzo sikutanthauza kuti Lolemba adzaikumbukira, n'chifukwa chake samu yofanana nayo iyenera kubweranso pachiyambi cha phunziro lotsatira. Komabe kuyerekeza kotere n'kokwanira kuthandiza mphunzitsi kusankha chochita mawa, ndipo ntchito yake ndi imeneyo.

Kubwereza kapena kupitirira?

Apa ndi pamene anthu odziwa ntchito amasiyana maganizo, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ena amati ngati ana ochuluka chonchi sanadziwe, bwerezani mawa, chifukwa masamu amamangirana. Wosadziwa kubwereka adzavutika pa kugawa, pa ndalama, pa miyeso, mpaka ku Sitandade 8 pamayeso a MANEB. Ena amati sikimu ili ndi masabata owerengeka, ndipo tsiku lililonse lobwereza ndi mutu wina umene ana sadzauona n'komwe, kuphatikizapo 50 aja amene adziwa kale.

Kuchigwa kuno mkanganowu umakula chifukwa masiku amatayika kale. Teremu yoyamba imakumana ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene ana amafooka dzuwa likakwera. Yachiwiri imagwera m'dzinja. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anatseka sukulu, ndipo zipinda zina zophunzirira zinasanduka malo ogona anthu othawa madzi. Ngakhale chaka chopanda ngozi yaikulu, mtsinje ukadzaza ana a kutsidya safika. Mphunzitsi wobwerera m'kalasi atataya masabata amakopeka kuphatikiza maphunziro awiri m'piriyodi imodzi kuti apeze sikimu, ndipo kuwerenga mphindi kuja kumamuonetsa msanga kuti papepala mitu idzatha koma ana adzatsala.

Chimene chimathandiza posankha ndi kufunsa ngati mutuwo ndi maziko a mitu ina. Kubwereka ndi maziko, choncho ana 25 pa 90 osaugwira ndi ochuluka kuti asiyidwe. Mutu woima pawokha ungathe kupitiriridwa n'kudzaubwerera pobwereza. Palinso njira yapakati, yotenga mphindi 10 zoyamba za mawa, osadziwa aja n'kukhala kutsogolo ndi mitolo, odziwa akulemba samu zina. Mphindi 10 zimenezo nazo ziyenera kuchotsedwa pa chikonzekero cha mawa, apo ayi vuto la lero langosamukira tsiku lina.

Vuto lili pa pepala kapena pa kaphunzitsidwe?

Phunziro likapanda kufika, woyeza ayenera kusiyanitsa magwero ake, chifukwa mankhwala ake si amodzi. Ahedi kapena a PEA akakhala kumbuyo kwa kalasi ndi wotchi, amalemba pambali pa sitepe iliyonse nthawi imene yayambira ndi imene yathera. Ngati masitepe onse atenga nthawi yoposa yolembedwa, chikonzekero chinali chodzaza. Ngati sitepe imodzi yokha ndiyo yatupa, monga chiyambi cha mphindi 5 chimene chafika 12 chifukwa ana sanathe 12 kuchotsa 8, ndiye kuti maziko panalibe ndipo phunziro linabwera msanga. Ngati nthawi yasungidwa bwino, masitepe onse atha, koma makope adzaza 236, vuto lili pa kafotokozedwe kapena pa chitsanzo, ndipo kuwonjezera mphindi sikungathandize. Zimachitikanso kuti phunziro latha mphindi 10 belu lisanalire ndipo pafupifupi onse akhoza. Pamenepo funso ndi lakuti kodi ana sankadziwa kale, ndipo timafunso ta pachiyambi tija ndi timene timayankha.

Kholo kapena membala wa komiti ya sukulu safunika kuwerenga chikonzekero kuti aone zina mwa izi. Kope la mwana limanena zambiri. Ngati tsiku ndi tsiku muli chitsanzo chokopera pabolodi chokha, popanda samu zimene mwana wayesa yekha, kapena samu zimathera pakati, n'kutheka kuti belu likumalira ntchito ya payekha isanafike. Imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi aphunzitsi mwaulemu, pokumbukira kuti nthawi zambiri gwero lake ndi kuchuluka kwa ana m'chipinda.

Malo opanda kanthu a kumapeto

Gawo lomaliza la chikonzekero, lolembamo mmene phunziro layendera, ndi limene limalembedwa mothamanga kwambiri, kawirikawiri ndi mawu akuti phunziro linayenda bwino. Mawu amenewo sathandiza mwiniwake mawa, ndipo sathandiza mphunzitsi wina amene angalowe m'kalasiyo iye akadwala. Aphunzitsi athu a Sitandade 3 akhoza kulemba mizere inayi yokha: analipo ana 90, kusonyeza kunatenga mphindi 11 m'malo mwa 8, pa makope 18 okhoza anali 10 ndipo asanu anachotsa yaing'ono kuyaikulu, mawa ndiyamba ndi mitolo kwa mphindi 10 ndipo samu za m'nkhani zasunthira Lachinayi. Kusuntha kumeneko alembenso m'sikimu, pagawo la ntchito yomwe yachitika, kuti ahedi poona mabuku kumapeto kwa sabata adziwe kuti kalasiyo yatsalira ndi piriyodi imodzi komanso chifukwa chake.